Kusintha manambala kupita ku bayinale: poyambira kuwerenga ndi pansi

Ophunzira amene angoyamba kumene phunziro la makompyuta amapatsidwa kawirikawiri mndandanda wa manambala kuti awalembe m'njira ya bayinale kapena ya hekisadesimo. Ntchitoyi imangofuna kugawa ndi 2, koma ambiri amalakwitsa ngakhale atagawa molondola, chifukwa cha momwe amawerengera yankho.

Kawerengedwe kathu ka tsiku ndi tsiku kali ndi zizindikiro khumi, kuyambira 0 mpaka 9. Bayinale ili ndi ziwiri zokha, 0 ndi 1, ndipo chizindikiro chilichonse chimatchedwa biti. Malo a mabiti, kuchokera kumanja, amaimira 1, 2, 4, 8, 16, 32, 64, 128, kumangowirikiza kawiri choncho.

Tiyerekeze kuti mphunzitsi walemba pabolodi manambala awa: 0, 5, 13, 50, 200 ndi 256. Tiyambe ndi 13. Mukagawa 13 ndi 2 mupeza 6, kutsala 1. Mukagawa 6 mupeza 3, kutsala 0. Mukagawa 3 mupeza 1, kutsala 1, ndipo mukagawa 1 mupeza 0, kutsala 1. Mukafika pa 0 kugawa kwatha. Tsopano zotsalazo muziwerenge kuchokera pansi kupita pamwamba, ndiye kuti chotsala chomaliza chikhale choyamba kulembedwa. Yankho ndi 1101.

Wowerenga kuchokera pamwamba amalemba 1011, yomwe ndi 11 osati 13. Chomvetsa chisoni n'chakuti nambala ngati 5 imabisa kulakwitsaku, popeza 101 ndi yomweyo kaya muyambira kumanja kapena kumanzere. Mphunzitsi amene wayamba ndi 5 kapena 9 angaganize kuti kalasi yonse yamvetsa pamene theka likuwerenga chadodolido. N'chifukwa chake 13 ndiye chitsanzo chabwino choyambira.

Kutsimikiza yankho sikuvuta. Phatikizani malo onse amene pali 1. Mu 1101 muli 8, 4 ndi 1, zomwe zikupereka 13. Palinso chizindikiro chachangu: nambala yogawika ndi 2 popanda chotsala imathera ndi 0, ina iliyonse imathera ndi 1. Choncho amene walemba 50 ngati 010011 walakwitsa, chifukwa yankho lenileni ndi 110010, kutanthauza 32, 16 ndi 2.

Hekisadesimo ili ndi zizindikiro 16: kuyambira 0 mpaka 9, kenaka A mpaka F zoimira 10 mpaka 15. Popeza mabiti anayi amatha kulemba nambala iliyonse kuyambira 0 mpaka 15, chizindikiro chimodzi cha hekisadesimo chimalowa m'malo mwa mabiti anayi ndendende. Wapeza kale bayinale safunikanso kugawa. Angodula mabitiwo anayianayi. Nambala 200 ndi 11001000, ndipo ikadulidwa ikhala 1100 ndi 1000, kapena kuti 12 ndi 8, zomwe zimalembedwa C8.

Kudulako kuyenera kuyambira kumanja. Pa 200 izi sizioneka chifukwa mabiti ake ndi asanu ndi atatu, koma 50 ili ndi asanu ndi limodzi. Kuchokera kumanja mupeza 0010, kenaka 11 yomwe muiwonjezera maziro awiri kutsogolo kuti ikhale 0011, ndipo yankho ndi 32. Woyambira kumanzere amapeza 1100 ndi 10, n'kulemba C2, yomwe ndi 194. Dziwaninso kuti 32 ameneyu si makumi atatu ndi ziwiri ayi. Pofuna kupewa chisokonezochi, olemba mapulogalamu amaika `0x` kutsogolo, motere: `0x32`.

Ophunzira akazolowera papepala, mndandanda wonse angautsimikize ndi mizere itatu ya Python:

```python
manambala = [0, 5, 13, 50, 200, 256]
for n in manambala:
    print(n, format(n, "08b"), format(n, "02X"))
```

Mawu akuti `08b` akulamula kuti bayinale ikhale ndi malo osachepera asanu ndi atatu, ziro akudzaza pamene pachepa, pomwe `02X` akufuna hekisadesimo ya malo osachepera awiri m'zilembo zazikulu. Zotsatira zake ndi izi:

```
0 00000000 00
5 00000101 05
13 00001101 0D
50 00110010 32
200 11001000 C8
256 100000000 100
```

Mzere womaliza watalika kuposa anzake, ndipo si kulakwitsa kwa kompyuta. Mabiti asanu ndi atatu, omwe amapanga bayiti imodzi, amalekezera pa 255, yomwe ndi 11111111 kapena FF. Nambala 256 imafuna biti yachisanu ndi chinayi.

Ziro nayenso ali ndi msampha wake kwa wophunzira amene akulemba yekha pulogalamu yogawa ndi 2. Akailamula kuti izigawa pokhapokha nambala ikaposa 0, ndiye kuti pa 0 sigawa n'kamodzi komwe ndipo siisonyeza kanthu. Ayenera kuiuza padera kuti ikakumana ndi 0 ilembe 0.