Kuwomba m'manja kawiri: kulumikiza mawu a anthu otalikirana

Tiyerekeze kuti mtolankhani ali ku Lilongwe ndipo akucheza ndi mlimi wa khofi ku Mzuzu kudzera pa WhatsApp. Netiweki ikamavuta, mawu a mlimiyo amadukaduka, nthawi zina n'kumamveka ngati akulankhulira mu mgolo. Pofuna kupewa zimenezi, aliyense amajambula mawu ake komwe aliko, ndipo foni imangowathandiza kumvana.

Mlimiyo afunika mafoni awiri, ina yolankhulirana, ina yojambulira, poti mafoni ambiri sajambula bwino munthu ali mkati moimba. Avalenso mahedifoni. Akapanda kutero, mawu a mtolankhani otuluka pa sipika alowa m'fayilo yake, ndipo polumikiza adzamveka kawiri ngati mkuwe wa m'phanga. Onse ajambule mu WAV pa 48 kHz. Fayilo yotere ya njira imodzi pa 16 bit imadya pafupifupi 345 MB pa ola, choncho bandulo ikhalepo yokwanira.

Mtolankhani amajambula zinthu ziwiri: mawu ake, komanso mawu a mlimi monga akumvekera pa foni. Fayilo yachiwiriyi siimveka bwino, koma asaitaye, chifukwa ndiyo chingwe cha mmisiri chowongolera khoma. Asanayambe kucheza, mlimi awombe m'manja kamodzi mwamphamvu, ndipo adzawombenso pomaliza. Kuwerenga mpaka katatu kuti awombere limodzi sikuthandiza kwenikweni, poti mawu amachedwa m'njira ndipo wina amawomba mochedwa osadziwa.

Mafayilo akafika, amaikidwa mu pulogalamu ya Audacity, iliyonse pamzere wake. Kuwomba kuja kumaoneka ngati kamzere kosongoka. Kokani fayilo yabwino ya mlimi mpaka kamzere kake kalunjike ndi ka m'fayilo ya pa foni.

Ambiri amalekera pomwepa, ndipo ndimamva chisoni ndikamvetsera ntchito yabwino itaonongekera kumapeto. Chojambulira chilichonse chili ndi kawotchi kake, ndipo mawotchi awiri sayenda ndendende. Kusiyana kwa magawo 50 pa miliyoni kumabala masekondi 0.18 pa ola. Kuchedwa kwa netiweki nako kumasinthasintha. Ndiye pitani pa kuwomba kwachiwiri. Ngati timizere tatalikirana, mafayilo asemphana, ndipo khutu limadziwa: mlimi amayankha funso lisanathe, kapena kuseka kumabwera nthabwala itazizira kale.

Tinene kuti macheza a mphindi 40 asemphana ndi theka la sekondi, fayilo ya mlimi yatsalira m'mbuyo. Pezani malo anayi kapena asanu pomwe iye ali chete kumvetsera funso, dulani pamenepo, ndipo sunthani chigawo chotsatira mpaka mawu ake oyamba alunjike ndi a m'fayilo ya pa foni. Musadule pakati pa liwu kapena pomwe akupuma mpweya. Mukatha, zimitsani mzere wa pa foni uja musanatulutse fayilo yomaliza.