Kuyankha Apampando Akakuitanani ku Msonkhano

Apampando a komiti ya mjigo akakutumizirani uthenga woti Loweruka kuli msonkhano, musangoyankha kuti "Chabwino." Mawu amodziwo sawauza ngati mubwera kapena mwangomva chabe. Iwotu akuwerenga anthu kuti adziwe mabenchi oti abwereke kutchalitchi.

Yankho labwino limamveka chonchi: "Zikomo kwambiri Apampando, uthenga wanu ndaulandira. Ndidzafika ndithu Loweruka 2 koloko masana pabwalo la amfumu. Ngati mungalole, ndidzabwera ndi thobwa wa malita 20 ndi makapu. Mundiuzeko pofika Lachitatu kuti tikuyembekezera anthu angati."

Kubwereza tsiku, nthawi ndi malo kumathandiza kuti ngati mwamva molakwika, akukonzeni msanga. Mawu oti "ngati mungalole" nawonso ndi aulemu weniweni, chifukwa mwina amayi ena alonjeza kale thobwa ndipo chikusowa ndi mandasi.

Pa zakumwapo ndi pomwe ambiri timaphonya. "Ndidzabweretsa kenakake" si lonjezo loti munthu angakonzekere nalo. Tchulani chinthucho ndi kuchuluka kwake. Ndowa ya malita 20 imakwanira anthu 40 ngati aliyense amwa theka la lita, koma akafika 60 ena abwerera kukhosi kuli gwaa. Tsiku la Lachitatu lija silinangotchulidwa: thobwa amafuna chimera, ufa, shuga ndi nkhuni, ndipo amaphikidwa dzulo lake kuti agone. Mukamva chiwerengero Loweruka m'mawa, mwachedwa kale.

Zikavuta, imbani foni msanga kuti apeze wina.