Kalata yofunsira ntchito mu labotale iziyankha zomwe kafukufuku akufuna

Labotale ikalengeza kuti ikufuna wothandizira pa kafukufuku, makalata ambiri a omwe angomaliza digiri amayamba mofanana: ndine wolimbikira, ndimakonda sayansi, ndimagwirizana ndi anzanga pantchito. Mkulu wa kafukufukuyo alibe njira yotsimikizira mawu amenewa. Chomwe ali nacho ndi ndalama za thandizo zokhala ndi tsiku lothera, komanso ntchito zoti zigwiridwe tsikulo lisanafike. Akamawerenga kalata yanu amafuna kudziwa kuti mwa ntchitozo, ndi ziti zomwe mungayambe Lolemba popanda wina kukuimirirani.

Tiyerekeze labotale ya ku Blantyre yomwe ikufufuza ngati udzudzu wa ku Chikwawa ukufabe ndi mankhwala a m'masikito. Vutoli lilipodi, chifukwa udzudzu wa mtundu wa Anopheles funestus m'chigwa cha Shire unapezeka kuti umapirira mankhwalawa. Tinene kuti chilengezo chatchula ntchito zitatu: kuyesa udzudzu ndi mankhwala, kusiyanitsa mitundu yake ndi PCR, ndi kusunga zotsatira pa kompyuta. Musanalembe kalikonse, pezani lipoti la posachedwa la labotaleyo, muwerenge gawo lofotokoza m'mene anagwirira ntchitoyo. Ndime yanu yoyamba itchule udindo womwe mukufunsira, nambala ya chilengezo ngati ilipo, ndi funso lomwe iwo akufufuza, m'mawu anuanu.

Ndime yachiwiri ndiyo yofunika kuikhalira pansi. Wofunsira ambiri amangoti ali ndi luso pa za udzudzu, basi. Koma amene anagwirako ntchitoyi pa pulojekiti yake ya chaka chomaliza ali ndi zambiri zoti anene. Njira ya bungwe la WHO imafuna udzudzu waukazi wa masiku 3 mpaka 5 womwe sunayamwe magazi. Umaikidwa 20 mpaka 25 m'chubu chomwe mkati mwake muli pepala la mankhwala, umakhalamo ola limodzi, ndipo wakufa umawerengedwa pakatha maola 24. Wakufa ukachepera 90 pa 100 uliwonse, ndiye kuti udzudzuwo ukupirira mankhwala.

Tsono m'kalata, ngakhale idzakhale ya m'Chingerezi, mfundo yake ikhale yotere: "Pa pulojekiti yanga ndinayesa udzudzu ndi njira ya machubu ya WHO. Ulendo wina udzudzu wa m'machubu opanda mankhwala unafa wopitirira 20 pa 100, choncho ndinataya zotsatirazo n'kubwereza, nditakonza chinyezi cha m'chipindamo." Chiganizo chachiwirichi n'chimene chimakopa wowerenga. Lamulo lotaya zotsatira zotere limakhala m'mutu mwa munthu amene anagwira machubu, osati amene anangomva m'kalasi. Ena amabisa zomwe zinawalakwikira poganiza kuti n'zochititsa manyazi, chonsecho mu labotale amafuna munthu wodziwa nthawi yoti asakhulupirire manambala ake.

Nanga PCR, ngati simunaichitepo nokha? Nenani mpaka pomwe munafika: kuti munakonzako zoyesa moyang'aniridwa, koma simunayendetsepo makinawo panokha. Onetsaninso kuti mukudziwa chifukwa chake akuifuna. Anopheles gambiae ndi Anopheles arabiensis sizisiyanitsika ndi maso, ngakhale pa maikulosikopu, motero mtundu wake umadziwika popima chibadwa. Kudzikweza pano n'kudzitchera msampha, chifukwa pa intavyu funso limodzi lokha, monga loti mumatani chubu chomwe simunaikemo udzudzu chikaonetsa zotsatira, limaulula zonse.

Za kompyuta zisatenge malo ambiri. M'malo mondandalika Excel, R ndi REDCap, nenani zomwe munachita ndi imodzi mwa izo, monga kupeza mizere yolowetsedwa kawiri kapena masiku olembedwa mosemphana. Ngati ntchitoyo ili ndi maulendo a kumidzi, luso lofotokozera mwini nyumba m'Chichewa kapena m'Chisena chifukwa chomwe mukutolera udzudzu m'chipinda mwake mbandakucha lisasiyidwe, pakuti popanda chilolezo chake simulowa.

Zonsezi zikwane pa tsamba limodzi. Magiredi ndi masukulu omwe munadutsamo ali kale pa CV, musawabwerezenso. Mphunzitsi amene anayang'anira pulojekiti yanu muyambe mwamupempha musanamutchule ngati mboni, ndipo mumutumizire kalatayo kuti akafunsidwa anene zogwirizana ndi zomwe mwalemba. Musanatumize, fufutani dzina la labotaleyo n'kuikapo la ina, mwachitsanzo yofufuza mbewu za chimanga ku Chitedze. Kalatayo ikamamvekabe bwino, ndiye kuti simunatchulemo chilichonse cha pulojekiti ya udzudzu ija, ndipo ndime yachiwiri iyenera kulembedwanso.