Mtengo Ulembedwe Poyera Kapena Ukambidwe Kumbali?

Aliyense amene amayenda pa Facebook kapena kuona masitetasi a pa WhatsApp anakumanapo nazo. Wina waika chithunzi cha nsapato kapena chitenje chokongola, anthu khumi afunsa kuti "Zingati?", ndipo onse ayankhidwa mofanana kuti "Inbox", kutanthauza kuti bwerani kumbali tikakambirane. Wogula amanyansidwa nazo, koma wogulitsa ali ndi zifukwa zake, ndipo zina mwa izo nzomveka.

Chifukwa chachikulu ndi kusakhazikika kwa kwacha. Ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene amaoda katundu ku Tanzania kapena ku Joni amadziwa kuti mtengo wa mwezi uno sukhala wa mwezi wamawa, pomwe positi yakale imakhalabe pomwepo. Kasitomala amabwera nayo patapita miyezi itatu nkumaumirira kuti mumugulitse pa mtengo umene munalemba nokha. Ena amaopa anzawo ogulitsa katundu yemweyo, kuti akaona mtengo atsitsa wawo ndi K500 nkulanda makasitomala. Palinso ena, ngakhale sanena poyera, amene amafuna ayambe aona kaye mbiri ya wofunsayo kuti adziwe ngati ali wandalama, monga amachitira mavenda ena poyang'ana nsapato za munthu asanatchule mtengo.

Ine ndimaona kuti pa katundu amene ali kale m'manja, wofanana kwa aliyense womugula, kubisa mtengo kumaluzitsa kuposa kupindulitsa. Tiyeni tione ndi chitsanzo chongoyerekeza.

Mayi wina wa ku Lilongwe waoda zitenje 20 pa K9,000 chimodzi, zonse K180,000. Thiransipoti, msonkho wa pachipata cha Songwe ndi bandulo ya foni zamudyera K40,000. Ndiye kuti chitenje chilichonse chamufikira pa K11,000. Waganiza zogulitsa pa K15,000, ndipo wokakamira kunenerera angamusiyire pa K14,000, osatsika pamenepo. Akaika chithunzi chopanda mtengo, tinene kuti anthu 40 amulembera. Aliyense ayenera kupatsidwa moni, kuuzidwa mtengo, mwinanso kutumiziridwa zithunzi zina. Mphindi zitatu pa munthu ndi maola awiri athunthu, ndipo ambiri mwa anthuwa akangomva K15,000 amangoti zii, chifukwa m'thumba mwawo munali K8,000. Sanalakwe kanthu, anangofuna kudziwa. Choopsa nchakuti pakati pa anthu 40 aja pali atatu kapena anayi amene ndalama ali nayo m'manja, koma uthenga wawo wakwiririka pansi pa enawo. Mayiyo akamadzawayankha madzulo atatha kuphika, iwo agula kale kwina.

Tsono akalemba kuti "Chitenje cha mamita anayi, K15,000, ku Area 25, kutumiza kunja kwa Lilongwe mulipira nokha", mauthenga amachepa, ndipo ogulitsa ambiri amachita mantha poona foni ili duu. Komatu amene alemba tsopano safunsanso mtengo. Amafunsa ngati chobiriwira chija chilipobe, kapena nambala ya Airtel Money kapena Mpamba yoti atumizireko ndalama. Mtengo wagwira kale ntchito yosefa anthu mwini wake ali kotunga madzi.

Pali gulu linanso limene wobisa mtengo saliona nkomwe, la anthu amene safunsa. Ambiri a ife tili ndi manyazi. Timaopa kuti tikafunsa nkupeza kuti sitikwanitsa, tichoka bwanji, makamaka wogulitsayo akakhala mnzathu wa kutchalitchi kapena wa kuntchito amene tionana naye mawa. Ndiye timangodutsa, poganiza kuti chinthu chobisidwa mtengo nchodula. Enanso anapusitsidwapo ndi akamberembere amene amakokera munthu kumbali, kumuuza kuti atumize theka la ndalama, kenaka nkumutsekera nambala. Munthu wotere akaona "Inbox" mtima umagunda, ngakhale wogulitsayo ali wachilungamo.

Nanga mantha aja okhudza opikisana nawo? Kunena zoona, mnzanu wogulitsa zitenje akafuna kudziwa mtengo wanu amangotuma mchemwali wake kuti akufunseni, ndipo pomatha mphindi zisanu waudziwa. Amene mwamubisira ndi wogula yekha. Za kupereka mitengo yosiyana poona nkhope, zimenezo zimaululika msanga masiku ano, poti anthu amajambula zokambirana za pafoni nkutumizirana. Amayi awiri a mu ofesi imodzi akazindikira kuti wina analipira K14,000 pomwe mnzake analipira K18,000 pa chitenje chofanana, mwataya onse awiri pamodzi ndi anzawo. Dziwaninso kuti bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC lakhala likukumbutsa amalonda kuti aziika mitengo poonekera pa katundu wawo, chifukwa wogula ali ndi ufulu wodziwa mtengo asanagule.

Vuto la kwacha lokha ndiye lenileni, koma mankhwala ake alipo. Lembani mtengo pamodzi ndi malire ake, monga "mtengo uwu ndi wa katundu amene alipoyu" kapena "mpaka pa 30 mwezi uno". Mtengowo ulembedwe m'mawu a pansi pa chithunzi, osati pachithunzi penipeni, popeza mawu a positi ya pa Facebook amatheka kusintha pomwe chithunzi chikafalikira sichibwezeka. Katundu akatha, lembani kuti watha. Sitetasi ya pa WhatsApp imazimiririka yokha pakatha maola 24, choncho pamenepo palibe chifukwa choopera mtengo wakale.

Pali malonda ena amene mtengo wake sungalembedwe ndi nambala imodzi. Wophika makeke sangadziwe mtengo asanamve kuti keke ndi ya anthu angati, yosanjikiza kangati, yokongoletsedwa motani, ndipo ikaperekedwa kuti. Chimodzimodzi telala, kalipentala, wojambula zithunzi pa ukwati ndi wokongoletsa pamalo a chinkhoswe. Apa kukambirana kumbali nkoyenera. Komabe ngakhale apa, osamusiya munthu mumdima. Pansi pa chithunzi cha keke imene munapanga kale, nenani kuti yotereyi, ya anthu 15, inali K35,000, ndipo yaing'ono kwambiri imayambira pa K20,000. Kenaka muuzeni wofuna yake kuti polemba atchule tsiku, chiwerengero cha anthu ndi dera limene ali. Mukatero uthenga woyamba umabwera ndi zonse zofunika powerengera. Chenjezo ndi lakuti mtengo woyambirawo ukhale weniweni. Mukalemba kuti "kuyambira K20,000" koma aliyense wofunsa nkumauzidwa K45,000, anthu adzati munawatchera msampha, ndipo adzakhala akunena zoona.

Ngati mukukayikabe, yesani nokha pa malonda anu. Kwa masabata awiri ikani katundu ndi mtengo, masabata awiri ena wopanda mtengo, katundu wofanana komanso nthawi yofanana ya mwezi, poti kumapeto kwa mwezi anthu akalandira malipiro malonda amayenda mwa okha. M'kope lembani zinthu ziwiri zokha: anthu amene alemba, ndi anthu amene alipira. Musapusitsidwe ndi kuchuluka kwa mauthenga kapena kwa okonda positi. Ngati mwa anthu 40 agula atatu, pomwe mwa anthu 10 agula anayi, yankho mwalipeza. Mukapezanso kuti mtengo uli poyera koma palibe wolemba ngakhale mmodzi, vuto si kuulula ayi. Mwina mtengowo wakwera kuposa wa pamsika, kapena chithunzi ndi mawu anu sizikuonetsa chifukwa chimene katunduyo akudulira.

Choncho inu amene mukugulitsa zitenje, nsapato, mafoni, nkhuku kapena kaunjika wosankhidwa, lembani mtengo, tsiku lake ndi kumene muli. Kumbali kusiyireni maoda amene mtengo wake umadalira zofuna za wogula.