Chimene zinki amakachita m'matumbo a mwana

Mwana wa miyezi 10 akayamba kutsegula m'mimba, kuchipatala amapatsa mayi ake zinthu ziwiri: mapaketi a Thanzi ndi timapiritsi ta zinki. Thanzi amabwezeretsa madzi ndi mchere zimene zatayika, koma saletsa kutsegulako. Ntchito ya zinki ili pa khoma la matumbo penipeni.

Amene anatsukapo matumbo a mbuzi akudziwa kuti mkati mwake ndi mofewa ngati thaulo. Matumbo aang'ono a mwana alinso choncho: muli tinthu tosawerengeka tonga tizala, tokutidwa ndi mzere umodzi wokha wa maselo. Maselo amenewa ndi amene amayamwa madzi ndi chakudya, ndipo sakhalitsa. Amabadwira m'timaenje ta m'munsi mwa tizalato, n'kumakwera pang'onopang'ono, ndipo pakatha masiku 3 mpaka 5 amayoyoka.

Kachilombo ka rota kakalowa, kamapha maselo a kunsonga, okhwima aja. Tizala timafupika, madzi ndi shuga wa mumkaka zimangodutsa osayamwidwa. Kuti mwana achire, timaenje tija tiyenera kubala maselo atsopano mofulumira, ndipo selo silingagawikane popanda zinki, chifukwa zida zake zokopera malangizo a chibadwa zimadalira iyeyo. Zinki amalimbitsanso msoko umene umalumikiza selo ndi linzake. Msokowo ukamasuka, madzi a m'thupi amachucha kulowa m'matumbo.

Palinso china. Poizoni wa tizilombo tina, monga ta kolera, amachititsa maselo kutulutsira kulorayidi m'matumbo, madzi n'kumatsatira. Kuti kutulutsako kupitirire, selo limafuna kuti kakhomo ka potaziyamu ka kumbuyo kwake kakhale kotsegula. Pa kafukufuku wa matumbo a makoswe, zinki anapezeka kuti amatseka kakhomo kameneka.

Chimene chimandiwawa n'chakuti thupi lilibe nkhokwe ya zinki, ndipo wambiri amatayikira m'chimbudzi pa nthawi imene akufunika kwambiri. Phala la chimanga silithandiza mokwanira, pakuti m'chimanga muli chinthu chimene chimamanga zinki kuti asayamwidwe bwino. N'chifukwa chake ana onyentchera ndi amene amapindula kwambiri: matenda awo amafupika ndi pafupifupi tsiku lathunthu.

Mu 2004, mabungwe a WHO ndi UNICEF analangiza mamiligalamu 20 patsiku kwa masiku 10 mpaka 14, ndi theka lake kwa ana osakwana miyezi 6. Piritsilo limasungunuka m'sipuni ya mkaka wa m'mawere kapena madzi abwino. Ana ena amasanza akamwa, ndipo kafukufuku wa ku India ndi ku Tanzania anasonyeza kuti mlingo wocheperapo umagwirabe ntchito, kusanza n'kuchepa. Mlingo wa mwana wanu anene ndi achipatala.

Makolo ambiri amasiya chimbudzi chikalimba, khoma lisanathe kumangidwa. Kwa womaliza masiku onse, chiopsezo chodwalanso chimachepa kwa miyezi iwiri kapena itatu yotsatira. Koma m'chimbudzi mukaoneka magazi, maso akalowa, kapena mwana akakana kuyamwa, musadikire zinki. Bwererani naye kuchipatala tsiku lomwelo.