Mpunga wa azakhali utavala chovala

Azakhali anga a ku Naisi akhala akugulitsa mpunga m'mbali mwa msewu wa Zomba–Liwonde kuyambira ine ndili mwana. Amapikula kwa alimi a ku sikimu ya Domasi ndi madambo a ku Chilwa, n'kukagayitsa, n'kuthira m'beseni. Muyeso unali mbale. Wogula akafika, moni wake unali wakuti, "Mayi, tichotsereni." Akamuchotsera ankapemphanso basela, ndipo azakhali ankawonjezera kadzanja kamodzi. Dzuwa likamalowa beseni lili mbee, koma ndalama ya pa mpango yongokwana kupikuliranso thumba lina.

Chodabwitsa n'chakuti ogula omwewo sankadandaula konse za katundu. Mumpungamo munali timiyala, mankhusu, tosweka tambirimbiri. Munthu ankapita nawo kwawo, n'kukhala pansi ndi lichero kusankha yekha. Akaluma mwala ankalavula n'kupitiriza kudya. Ankadziwa kuti wagula wa m'beseni, ndipo nthawi yake yosankhira ndiyo inali gawo lina la mtengo.

Mwana wawo wamkazi ndiye anasintha zinthu. Anaona m'sitolo mu Zomba mpunga wa Kilombero, womwewu wonunkhira wa njere zazitali, uli m'mapaketi ndipo anthu akungonyamula osanenerera. "Amayi, wathu uposa uwu fungo. Chimene tikusowa ndi chovala basi."

Chovalacho chinayambira kutali ndi paketi. Timiyala timalowa pomenya ndi poyanika pansi, choncho azakhali anayamba kugula kwa alimi oyanika pa lona okha. Kusweka kumachokera ku dzuwa: mpunga ukauma mopitirira, njere zimang'aluka mkati ndipo chigayo chimangozimaliza. Akatswiri amati chinyezi choyenera pogaya ndi 14 peresenti, koma azakhali amayesa ndi mano. Njere ikaphwanyika mofewa, sunaume. Ikathetheka n'kugawanikana tizidutswa, wapsa ndi dzuwa. Akagayitsa amapeta kawiri, amasefa kuti tosweka tigwe, kenako amathira pa thireyi yoyera n'kusankha ndi zala. Pa thumba la makilogalamu 50 amapatula pafupifupi asanu kapena asanu ndi limodzi osweka. Wotsalawo amayeza pa sikelo, makilogalamu 1, 2 ndi 5, m'mapepala oonekera mkati, kapepala ka dzina la mtundu ndi mtengo kali pamwamba. Beseni linatsika pansi, mapaketi anakwera pa tebulo loyalidwa nsalu.

Abale, munayenera kuona! Galimoto zimene kale zinkangodutsa ndi liwiro zinayamba kuima. Aphunzitsi a ku koleji ya Domasi, ogwira ntchito ku yunivesite, apaulendo opita ku Lilongwe ofuna mphatso ya apongozi. Mtengo unakwera ndithu, koma palibe ananena za kuchotsera. Amawerenga kapepala, amapereka ndalama. Mawu akuti basela anafera pomwepo, chifukwa paketi yomata simungaiwonjezere kadzanja. Azakhali anafika kunyumba akuvina ndi mpango m'manja, akufuula kuti, "Mwanangu, lero sindinakangane ndi munthu!"

Koma wolipira mosanenerera amagulanso ufulu wokwiya. Mayi wina wa galimoto anabweza paketi ya makilogalamu 5 chifukwa cha kamwala kamodzi, kamene kanali kakang'ono kuposa njere ya mapira. Anati mlendo wawo anakaluma pa tebulo. Azakhali sanatsutse. Anamusinthira ina, ndipo kuyambira tsikulo mpunga umadutsa m'maso mwa anthu awiri usanamatidwe. Ine ndikuti mayiyo sanalakwe. Ndalama yowonjezera ija sanalipirire pepala, analipirira kuti asagwire lichero. Ogula a pa tebulo salolanso nankafumbwe woyenda m'paketi, kapena sikelo yoperewera, ndipo kusakaniza Kilombero ndi mpunga wosanunkhira amakuzindikira mphika ukangowira. M'masitolo akuluakulu azakhali sanalowemo, popeza kumeneko amafuna chiphaso cha Malawi Bureau of Standards. Msewu ukuwakwanira.

Chondisangalatsa koposa ndi chimene chinachitikira tosweka tija. Sanatitaye. Tili m'beseni lakale, pambali pa tebulo, pa mtengo wotsika, muyeso ndi kapu. Amayi a m'mudzi amagula tophikira ana phala, amanenerera mpaka thukuta, amalandira basela, ndipo akapeza khusu saona vuto. Poyamba beseni linkakhala pamwamba limodzi ndi mapaketi, ndipo a galimoto anayamba kufunsa chifukwa chimene mpunga wa munthu mmodzi ukusiyanira mtengo chotere. Atalitsitsa n'kulisunthira kumbali, funsolo linatha.

Chaka chino azakhali afolera nyumba ndi malata, ndipo alemba ntchito atsikana awiri osankha mpunga. Mlimi wobwera ndi thumba loyanikidwa pa dothi amamubweza pomwepo, akumwetulira: "Achimwene, mukagule lona kaye."