Timadontho ta pa khadi la Michael Jordan

Kumayambiriro kwa chaka cha 2021, ku America, makhadi awiri okhala ndi chithunzi cha Michael Jordan anagulitsidwa pa okushoni, lililonse pamtengo wa madola 738,000. Khadi lake ndi kakatoni kosakwana pachikhatho, masentimita 6.4 m'lifupi ndi 8.9 m'litali. Kampani ya Fleer inalisindikiza mu 1986, ndipo ndi la nambala 57 pa makhadi 132 a osewera basiketibolo amene anatuluka pamodzi. Pachithunzipo Jordan ali m'malere, wavala zofiira za timu ya Chicago Bulls, mpira uli m'dzanja. Kale ana ankagula makhadiwa m'timapaketi momwe munkakhalanso chingamu, koma lero ndi chuma chosungidwa m'timabokosi ta pulasitiki tomata.

Pamene pali ndalama zotere akathyali sasowa, ndipo khadi limeneli ndi limodzi mwa makhadi amene amakoperedwa kwambiri. Vuto ndi lakuti ogula ambiri saligwira m'manja asanalipire. Wogulitsa ali mzinda wina, mwina dziko lina, ndipo chimene wogula ali nacho ndi chithunzi chojambulidwa pa sikana. Pachithunzi chimenecho anthu odziwa amayang'ana zinthu zitatu: timadontho ta inki, m'mphepete mwa khadi, ndi kuwala kwa mitundu. Mboni zitatuzi sizilemera mofanana, ndipo imene maso amathamangira, ya mitundu, ndiyo yosadalirika kwambiri.

Timadontho mukhoza kutiona lero lomwe. Tengani galasi lokulitsira zinthu, kapena kamera ya foni, muyang'anitsitse chithunzi chilichonse cha m'magazini ino. Nkhope imene imaoneka yosalala mupeza kuti ndi timadontho tokhatokha. Makina akuluakulu osindikizira amagwiritsa ntchito inki zinayi basi: yabuluu wowala, yofiirira ngati pinki, yachikasu ndi yakuda. Inki iliyonse ili ndi chitsulo chake chodindira, ndipo timadontho take timandandalikidwa m'mizere yopendekeka mosiyana ndi inzake. Kawirikawiri yakuda imapendekeka madigiri 45, yabuluu 15, yofiirira 75, pamene yachikasu imangoongoka. Mizere inayi ikakumana, timadontho timapanga timikombero tooneka ngati timaluwa, tobwerezabwereza mwadongosolo pachithunzi chonse. Pamalo owala timadontho ndi tating'ono, pamalo akuda ndi tonenepa mpaka kukhudzana, koma mtunda wa pakati pa kadontho ndi kanzake susintha.

Makina osindikizira a pakhomo, opopera inki aja, sachita zimenezi. Amangowaza timadontho paliponse ngati mchenga, popanda mzere kapena kaluwa. Khadi la 1986 likaoneka lowazidwa chonchi, mlandu watha pomwepo.

Akathyali ochenjera amapita ku makina enieni osindikizira, ndipo makhadi awo amakhala ndi timaluwa. Apa m'pamene pamafunika kudziwa mmene khadi lenileni linapangidwira. Chithunzi cha munthu ndicho chimagawidwa timadontho, koma zilembo zakuda ndi mizere yopyapyala yozungulira zizindikiro zimadindidwa ndi inki yakuda yokhayokha, yodzaza, yopanda mipata, m'mbali mwake muli mwakuthwa ngati mwadulidwa ndi lezala. Wachinyengo alibe zitsulo zoyambirira zija. Iye amajambula khadi lenileni lonse monga chithunzi chimodzi, kenako makina ake amagawanso chilichonse kukhala timadontho, zilembo zomwe. Mukakulitsa, mzere wakuda uja umaoneka wamanomano ngati sowo, ndipo m'mbali mwake mumasuzumira timadontho tabuluu ndi tofiirira. Aliyense amene anachititsapo fotokope ya fotokope ina akudziwa mmene zilembo zimanenepera ndi kuchita mbuu. Ndi matenda omwewo. Kuwonjezera apo, timadontho tatsopano tikagona pamwamba pa takale timayambana, n'kubala mafunde kapena timabokosi tosayenera kukhalapo, makamaka pamalo a mtundu umodzi.

Pa khadi la Jordan, malo oyamba kukulitsa ndi chizindikiro cha Fleer cha pakona yapamwamba. Pamenepo pali kamuvi kachikasu kamene pa khadi lenileni n'koderako poyerekeza ndi chikasu choyandikana nacho. Makope ambiri amasokoneza chikasu chiwirichi n'kukhala chimodzi. Kumbuyo kwa khadi kuli mutu wa ng'ombe ya Bulls, ndipo m'maso mwake muyenera kuoneka poyera bwinobwino. Pa makope ambiri inki imasefukira m'masomo.

Koma zonsezi zimaoneka ngati sikani yake ili yokwanira, ndipo apa ogula ambiri amagwa. Ntchito zosindikiza zamtunduwu zimakhala ndi mizere ya timadontho pafupifupi 150 pa inchi imodzi. Wogulitsa akajambula pa `300 dpi`, kadontho kalikonse kamangopeza mapikiselo awiri m'litali ndi awiri m'lifupi, osakwanira kuonetsa maonekedwe ake. Pa `1200 dpi` kamapeza asanu ndi atatu, ndipo kaluwa kamaoneka bwino. Ndiye pemphani `1200 dpi`, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo fayilo ikhale `TIFF` kapena `PNG`. Ya `JPEG` yopanikizidwa kwambiri imapaka mbuu m'mbali mwa zilembo, moti khadi labwino likhoza kuoneka ngati kope. Muuzeninso wogulitsayo azimitse `Descreen`, chifukwa ntchito ya batani limeneli ndi kufufuta timadontho tomwe mukufuna kuonato, komanso `Unsharp Mask`, imene imanola m'mbali mwa zinthu kuposa mmene zilili. Sikana yokha ikhozanso kubala mafunde aja pa khadi lenileni. Njira yosiyanitsira ndi yapafupi: apendeketse khadi pang'ono pagalasi, ajambulenso. Mafunde a sikana amasintha, koma osindikizidwa pakhadi amakhala pomwe analipo.

M'mphepete mumayankha funso lina. Timadontho timanena ngati khadi linachokera ku fakitale yoyenera, pamene m'mphepete mumanena zimene lachitidwa chichokereni kumeneko. Khadi la Jordan lili ndi mitundu yofiira ndi yabuluu yofika kumapeto kwenikweni, choncho likangokhudzidwa pang'ono inki imathetheka ndipo pepala loyera la mkati limaonekera. N'chifukwa chake losathetheka paliponse ndi losowa ndiponso lodula. Pofuna kubisa zimenezi, ena amasenga m'mphepete ndi mpeni wakuthwa, ena amadetsa pothethekapo ndi cholembera.

Kusenga si nkhani yongopeka. Khadi lotchuka kwambiri la besibolo, la Honus Wagner, limene Wayne Gretzky ndi Bruce McNall anagula mu 1991 pamtengo wa madola 451,000, linali khadi loyamba kupatsidwa giredi ndi kampani ya PSA, ndipo linapatsidwa 8 pa 10. Mu 2013 wamalonda Bill Mastro anavomera m'khoti kuti anali atalisenga m'mbali. Ngati akatswiri olisanthula m'manja analipatsa giredi yapamwamba chonchi, woona pa sikani ayenera kusamala kawiri.

Tiyerekeze kuti mwalandira sikani ya `1200 dpi`, khadi litagona mowongoka pansi pa pepala lakuda kuti malire ake aoneke. Mainchesi 2.5 ayenera kukhala mapikiselo 3,000, ndipo mainchesi 3.5 akhale 4,200. Mwayeza, mwapeza 4,198 m'litali koma 2,968 m'lifupi. Mapikiselo 32 osowawo ndi pafupifupi mamilimita 0.7. Paokha si umboni wokwanira, chifukwa mipeni ya kufakitale nayo inkaphonya pang'ono. Ndiye yang'anani mbali zonse zinayi. Zitatu zili ndi timaulusi ta pepala ndi timabala toyera apa ndi apo, monga zimakhalira ndi khadi lakale. Yachinayi, ya kumanja, ndi yosalala kuyambira pamwamba mpaka pansi, makona ake awiri ndi akuthwa pamene awiri enawo ndi obuntha pang'ono. Yezaninso m'lifupi pamwamba ndi pansi: 2,974 ndi 2,962. Mbali imodzi yatsopano, yopendekeka, pa khadi loperewera kukula: limenelo ndi khadi lenileni, koma losengedwa, ndipo mtengo wake umatsika kwambiri.

Podetsedwa ndi cholembera pamaoneka mukakulitsa. Inki ya cholembera imalowerera m'ulusi wa pepala, kufiira kwake sikufanana ndendende ndi kwa pambali, ndipo nthawi zambiri imatsetserekera m'nthiti mwa khadi, mmene muyenera kukhala mtundu wa pepala lokha. Nthitizo sikana sizionetsa, chifukwa imajambula khadi litagona. Pemphani chithunzi cha kamera chojambulidwa cham'mbali. Pa makhadi a masewera ena chithunzi chotere chimathandiza koposa, popeza a Pokémon a Chingerezi amakhala ndi kamzere kakuda pakati pa mapepala awiri omatidwa, ndipo makope otsika mtengo alibe.

Tsopano mitundu. Ndimamva chisoni ndikaona munthu akukana khadi labwino chifukwa kufiira kwake “kwazilala”, kapena akuthamangira lina chifukwa likuwala ngati latuluka dzulo. Kuwala kwa mtundu kumene mukuona kwadutsa m'manja ambiri: nyali ya sikana, pulogalamu imene imadzikonzera yokha mitundu, ndi sikirini yanu. Khadi limodzi pa masikana awiri limatuluka mitundu iwiri. Ngakhale kufakitale, inki inkachuluka kapena kuchepa ntchito ili mkati, choncho makhadi enieni nawonso amasiyana. Dzuwa limasulutsanso, ndipo limayamba ndi chikasu ndi kufiira, n'kusiya khadi likuoneka labuluu.

Mtundu umayamba kulankhula ukakhala ndi choyerekezera. Wogulitsa aike khadi lina lotsika mtengo la gulu lomwelo la 1986 pambali pa la Jordan, ajambule onse awiri kamodzi. Popeza onse ali ndi mafelemu ofiira ndi abuluu ofanana, kusiyana kwakukulu kumene kungaoneke ndi kwa makhadiwo, osati kwa makina. Yang'ananinso pamalo akuda, kumene kuli anthu oonerera kumbuyo kwa Jordan. Kukopera kumawonjezera mdima, moti zimene pa khadi lenileni zimaoneka ngati anthu, pa kope zimasanduka chibanga chakuda. Nako kusewera ndi mitundu pa kompyuta kumadziulula: kufiira kwa yunifolomu kumakhala kofanana paliponse, makwinya a nsalu osaonekanso.

Khadi likapambana mayeso onsewa, zimene mwatsimikiza n'zakuti khadi limene linagona pagalasi lija likuoneka lenileni. Sikani siikuuzani kulemera kwake, kukhuthala kwake, kapena kakhwinya kamene kanasitidwa kuti kabisike, kamene kamaoneka pokhapokha mutapendeketsa khadi pa nyali. Siikuuzaninso ngati khadi limenelo ndi lomwe lidzatumizidwe. Pa ichi timabala ta m'mphepete tija timathandiza. Sungani sikaniyo, mulembe pamene pali kabala kalikonse ndi pamene chithunzi chapendekera. Khadi likafika, lijambuleni pa `1200 dpi` inunso, muike zithunzi ziwirizo pambali, ndipo muyambire pakona ya kumanzere kuwerenga timabalato kamodzikamodzi.